"Unduna ukukhumba kudziwitsa": Chichewa cha m'zidziwitso za boma

Tamverani chiganizo ichi: "Unduna wa Zaulimi ukukhumba kudziwitsa gulu lonse la anthu kuti, potsatira kutsimikizidwa kwa kubuka kwa matenda a phazi ndi kamwa m'boma la Chikwawa, ndipo mogwirizana ndi zopereka za lamulo, njira zotsatirazi zaikidwa m'malo ndi zotsatira za nthawi yomweyo."

Chiganizochi ndachipeka ndekha, koma aliyense amene amamvera wailesi kapena kuwerenga mapepala omatidwa pa zipupa za maofesi anakumanapo ndi achibale ake. Liwu lililonse m'menemo ndi la Chichewa, ndipo mutalifufuza m'buku lotanthauzira mawu mulipeza. Komabe palibe munthu amene amayankhula chonchi, kaya ku Ntcheu, ku Dowa kapena ku Nsanje. Mawu ndi athu, koma kaimidwe ka chiganizo, ndondomeko ya mfundo ndi kaganizidwe kake zonse n'zachingerezi.

Gwero lake silovuta kuliona. Malamulo a dziko lino amalembedwa m'Chingerezi, ndipo zidziwitso za maunduna ndi makhonsolo zimabadwira m'Chingerezi chomwecho. Chichewa chimabwera kumapeto, kawirikawiri ntchito itathina kale: kalata yasainidwa masana, ikufunika pa wailesi madzulo, ndiye amaipatsira aliyense mu ofesimo amene akuti "amachitha Chichewa". Munthuyo ali ndi mantha, ndipo mantha akewo ndi omveka. Akasintha kaimidwe ka chiganizo, bwana angamufunse kuti mawu akutiakuti apita kuti. Akatsata liwu ndi liwu, palibe angamuloze chala. Kumasulira kotero kumateteza womasulira, koma amene amalipira ndi womvera.

Titenge chidziwitso chimodzi ndi kuyenda nacho mpaka kumapeto. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabukabuka m'Chigwa cha Shire, kumene kuli ng'ombe zambiri ndiponso njati za ku nkhalango ya Lengwe, zimene zimatha kusunga kachilombo kake. Amagwira nyama za ziboda zogawanika: ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Amafala msanga kudzera m'ziweto zokhazokha, m'nyama, mu mkaka, ngakhalenso pa nsapato ndi matayala a galimoto. Akabuka, unduna umatulutsa chidziwitso chimene nthawi zambiri chimatseka misika ya ziweto, kuletsa kupha, kuletsa kusamutsa ziweto ndi kuimitsa ziphaso zoyendetsera ziwetozo. Oyenera kumva uthengawu ndi mlimi wa ku Ngabu amene amati agulitse mbuzi kuti apeze fizi ya mwana, mwini butchala pa Nchalo, mnyamata wootcha kanyenya ndi dalaivala wa lole yonyamula ng'ombe kupita ku Blantyre. Ambiri a iwo pepalalo saliona n'komwe. Amva kamodzi kokha, pa wailesi, pa chimkuzamawu kapena pa zolengeza za ku tchalitchi ndi ku mzikiti, ndipo khutu silibwerera kumayambiriro kwa chiganizo monga limachitira diso.

N'chifukwa chake womasulira wodziwa ntchito sayamba ndi kumasulira. Amawerenga kalata yonse mpaka pa siginecha, kenako n'kuitembenuza chadodolido, n'kudzifunsa: akuyankhula ndani, akuuza yani, munthuyo achite chiyani kapena aleke chiyani, kuti, kuyambira liti, mpaka liti, ndipo akapanda kumvera chimuchitikire n'chiyani? Mayankho ake amawalemba m'Chichewa cha pakamwa, ngati akuuza mlamu wake. Ngati funso lina likumukanika kuyankha, ndiye kuti kalatayo sanaimve, ndipo zimene munthu sanazimve sangazinene bwino m'chiyankhulo chilichonse. Akatero amatembenuzanso kalata ija n'kuyamba kuyerekeza.

Chiganizo chathu chija, chikadutsa m'mafunso amenewa, chimasweka n'kukhala ziwiri kapena zitatu. Nkhani yaikulu ndi yoti kwagwa matenda, ndiye imeneyo ikhale patsogolo: "Unduna wa Zaulimi ukudziwitsa anthu onse kuti m'boma la Chikwawa mwabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi." Kukhumba kuja kwachoka. M'Chingerezi cha m'maofesi ndi ulemu chabe, koma m'Chichewa munthu amene akukhumba kudziwitsa ndiye kuti sanayambe kudziwitsako. Gulu lonse la anthu lasanduka anthu onse. Dzina la matenda labwerera pa limene alimi ndi alangizi a ziweto amatchula. Pamenepa pali msampha wina: womasulira wofuna kufupikitsa angalembe kuti chigodola, poganiza kuti ndi dzina limene alimi analizolowera. Koma chigodola ndi nthenda ina, ndipo woweta nkhumba akangomva dzinalo aganiza za mliri wina umene uli ndi malangizo akeake. Dzina lalitali koma loona liposa lalifupi losocheretsa.

Nanga lamulo lija latchulidwa pakati pa chiganizo? Zidziwitso zotere zimatchula lamulo lothana ndi matenda a ziweto, Chaputala 66:02 cha malamulo a dziko lino. Silitayidwa, chifukwa ndi limene likupatsa unduna mphamvu yoletsa munthu kugulitsa mbuzi yakeyake. Koma m'Chichewa liime palokha, kumapeto: "Unduna wachita izi potsatira lamulo lothana ndi matenda a ziweto." Zopereka za lamulo zija sizinali kanthu koma zimene lamulolo likunena.

Matenda aakulu a Chichewa cha m'zidziwitso ali pa maina. Chingerezi cha boma chimakonda kusandutsa zochita kukhala maina a zinthu, n'kubisa wochita. Chikatsatidwa mwaukapolo timapeza mndandanda wonga uwu: "kuimitsidwa kwa kanthawi kwa misika yonse ya ziweto, kuletsedwa kwa kuphedwa kwa ziweto, kuchepetsedwa kwa kayendedwe ka ziweto ndi zopangidwa zake." Werengani mokweza mumve mmene "kwa" akugundirana ndi "kwa" mnzake. Chichewa mphamvu yake ili mu mneni. Mneni mmodzi amanyamula wochita, nthawi, wochitiridwa ndi kukana, zonse m'liwu limodzi: musazitulutse. Chizindikiro chodziwira kuti kumasulira kwapita kumbali n'chosavuta: ngati m'chiganizo muli "kwa" atatu otsatizana, kapena mawu othera ndi "-idwa" ndi "-edwe" ali mbwee koma wochita sakuoneka, chiganizocho chibwezedwe. Funsani kuti ndani akuchita chiyani. "Misika yonse ya ziweto yatsekedwa kaye. Musaphe ng'ombe, mbuzi, nkhosa kapena nkhumba."

Sikuti mneni wa "-idwa" ndi woletsedwa. "Msika watsekedwa" n'Chichewa chabwinobwino. Chimene chimalemera ndi kumangirira wochita kumbuyo, monga "misika yatsekedwa ndi unduna", pamene munthu akanangoti "unduna watseka misika".

Taonaninso "kaye" uja. Chingerezi chati kutsekaku si kwamuyaya, ndipo ambiri amathamangira kulemba kuti "kwa kanthawi kochepa". Koma kalatayo sinanene kuti nthawiyo ndi yochepa. Chiletso cha matendawa chimatha kukhala miyezi. Womasulira akalemba "kochepa", walonjeza m'dzina la boma zimene boma silinalonjeze, ndipo mlimi amene wadikira mwezi wachiwiri adzati anamunamiza. "Kaye" akunena ndendende zimene zili m'kalata: zatsekedwa, zidzatsegulidwa, tsiku silinatchulidwe. Apa ndi pamene pamaonekera kuti Chichewa chomveka ndi Chichewa cholondola si adani. Kawirikawiri liwu la pakamwa ndi limene limagunda pa mfundo.

Komabe pali malo amene kufewetsa kumaononga, ndipo pamenepa ndi pofunika kudekhapo. Liwu loti "ziweto" likumveka bwino, koma kwa mlimi nkhuku, abakha, nkhunda ndi akalulu nazonso ndi ziweto. Mukangoti "kugulitsa ziweto kwaletsedwa", mayi amene amati apite ndi nkhuku ziwiri ku msika abwerera panjira, kapena wina pa chipata cha msika amulanda, pamene nkhuku matendawa siziwadwala. Ngati kalata yachingerezi yatchula mitundu inayi ya nyama kamodzi kokha pamwamba, Chichewa chiibwereze paliponse pamene pali chiletso. Kubwereza kumene mkonzi wa Chingerezi angakudule, m'Chichewa cha pa wailesi n'kofunika, chifukwa wina watsegula wailesi chidziwitso chili pakati.

"Zopangidwa zake" nazonso sizikuuza munthu kanthu. Akunena nyama, mkaka, zikopa? Nanga manyowa? Nanga "kayendedwe" kaja: akuletsa kutulutsa ziweto m'boma, kuzilowetsa, kudutsa nazo, kapena ngakhale kuchoka nazo mudzi uno kupita mudzi winawo? Chichewa chili ndi mneni wakewake pa chilichonse mwa zimenezi, ndipo chimakukakamiza kusankha pamene Chingerezi chinabisala m'liwu limodzi. Ndiye pali funso limene mlimi wa m'chigwa afunse chidziwitso chisanathe n'komwe: ng'ombe zokoka ngolo nazonso zisayende? Womasulira alibe mphamvu yoyankha mafunso amenewa. Akaganizira yekha, wayamba kupanga lamulo. Choyenera ndi kuimbira foni amene analemba kalatayo, kapena mkulu woona za ziweto, n'kumufunsa kuti kwenikweni akuletsa chiyani, ndipo yankholo alilandire molemba. Nthawi zina foni yotereyi imakonzetsa ndi kalata yachingerezi yomwe, chifukwa wolembayo amazindikira kuti nayenso anasiya mpata.

Tibwere pa nthawi. "Ndi zotsatira za nthawi yomweyo" ndi chilombo chimene chinabadwa pofuna kunena kuti chiletso chayamba kale kugwira ntchito. Ambiri amachikonza n'kulemba "kuyambira lero", ndipo n'zomveka. Koma chidziwitso chimaulutsidwa masiku angapo, ndipo pepala limakhala pa chipupa mpaka kuyera ndi dzuwa. Lero wa Lachiwiri si lero wa Loweruka. Tsiku lili pamwamba pa kalata litsike, lilowe m'chiganizo: "kuyambira Lachiwiri, pa 3 Juni". Kutchula dzina la tsiku pamodzi ndi deti kumathandiza, chifukwa anthu ambiri amawerengera masiku potengera tsiku la msika. Kumapeto kwake nakonso, m'malo mwa "mpaka chidziwitso chowonjezera", tinene zimene zidzachitike: "mpaka unduna udzalengeze kuti chiletsochi chatha".

Pa chilango ndi pamene kumasulira kolakwika kumapweteka munthu m'thumba. M'Chingerezi cha malamulo muli timawu tiwiri, kena kamamveka kuti "shalo", kena "meyi". Kusukulu tinaphunzira kuti koyambako ndi ka nthawi yam'tsogolo, ndiye womasulira amalemba kuti "eni ziweto adzanena za ziweto zodwala kwa alangizi". Chiganizo chimenechi ndi ulosi, osati lamulo. M'malamulo kaliwuko kamatanthauza kukakamiza: "Ngati chiweto chanu chikudwala, muyenera kuuza alangizi a ziweto", kapena mwachindunji, "kauzeni alangizi". Kachiwiriko n'koterera kwambiri, chifukwa pena kamapereka chilolezo, pena mphamvu, pena kamangonena kuti mwina. "Apolisi angathe kulanda nyama" akumveka ngati tikuyeza nyonga zawo kapena tikungoopseza. Ngati tanthauzo ndi loti lamulo likuwalola, tinene choncho: "apolisi ali ndi mphamvu yolanda nyamayo".

Tiyerekeze kuti kalata ikuti wophwanya chiletso, khoti likamupeza wolakwa, angalipitsidwe chindapusa chosapitirira K50,000, kapena kukhala kundende, kapena zonse ziwiri. Chiwerengerocho ndi chongoyerekezera. Womasulira wofuna kumveka bwino akhoza kudula n'kulemba kuti "wophwanya lamuloli adzalipira K50,000". Chichewa chake n'chokoma, koma zinthu zitatu zatayika. "Chosapitirira" wapita, ndiye malire asanduka mtengo. Ndende yapita. Ndipo choopsa kwambiri, khoti lapita, kotero kuti aliyense woima pa msewu ndi chingwe akhoza kuuza mlimi kuti wailesi yanena, lipira pompano. Mawu oti "khoti likamupeza wolakwa" ndi amene akuteteza mlimiyo, ndipo sayenera kudulidwa ngakhale mphindi za pa wailesi zitachepa chotani. Womasulira ali ndi ufulu wosintha ndondomeko ya mawu, kuswa ziganizo ndi kubwereza. Alibe ufulu pa ziwerengero, masiku, maina a malo, malire ndi mawu onga "pokhapokha" ndi "kupatula".

Ena amaopa kuti Chichewa chomveka chichotsa ulemerero wa boma, kuti chidziwitso chikhala ngati macheza a pa bawo. Nkhawayi ili ndi pake, koma mankhwala ake si kuumitsa ziganizo. Chichewa chili nako kale kayankhulidwe ka pabwalo. Nyakwawa ikamalengeza uthenga wa mfumu siiseka, siiponya nthabwala, komabe aliyense amamva. Imati "inu", imatchula amene waituma, imanena chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Kayankhulidwe kameneko ndi koyenera chidziwitso. Miyambi ndi zining'a zikhale pambali, chifukwa mwambi umalola matanthauzo awiri pamene chiletso chimafuna limodzi. "Chonde" nayenso asamalidwe: pa pempho ali bwino, monga popempha mafumu kuti athandize kufalitsa uthenga, koma "chonde musaphe ng'ombe" wasandutsa lamulo kukhala pempho limene munthu akhoza kulikana. Pali kanthu kenanso kakang'ono: "boma" ndi olamulira, "boma" ndi dera la bwanamkubwa. "Boma laletsa kutulutsa ziweto m'boma" ndi chiganizo chozunguza. Mutchule unduna kumodzi, dzina la dera kwinako, vuto latha.

Za mawu obwereka, ine ndimatsata pakamwa pa anthu. Butchala, lole, khoti, apolisi ndi Chichewa tsopano, ndipo kuwathawa n'kupeka mawu atsopano kumangowonjezera chifunga. Likulu loona za ziyankhulo la ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, limene linalowa m'malo mwa bungwe la Chichewa lakale lija mu 1996, linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ndipo pali malamulo a kalembedwe a 1990 amene amathandiza pa masipelo. Zonsezi n'zothandiza pa tebulo la womasulira, koma sizingamuuze liwu limene woweta ng'ombe wa ku Bangula amatchulira pepala lomulola kunyamula ng'ombe. Limenelo amalidziwa ndi mlangizi wa m'deralo. Ndiponso m'chigwamo ambiri amayankhula Chisena ndi Chimang'anja, choncho Chichewa chozama cha kumudzi kwa womasulira, chimene chingamveke ku Dedza, si chimene chikufunika. Chofunika ndi Chichewa chimene amamvana nacho pa msika.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, chidziwitso chathu chikhoza kumveka motere, titatenga kuti a ku unduna ayankha mafunso aja:

"Unduna wa Zaulimi ukudziwitsa anthu onse kuti m'boma la Chikwawa mwabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Matendawa amagwira ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Pofuna kuti asafalikire, unduna walamula izi kuyambira Lachiwiri, pa 3 Juni. Misika yonse ya ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba m'Chikwawa yatsekedwa kaye. Musaphe ziweto zimenezi. Musatulutse m'Chikwawa, kapena kulowetsamo, ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba, ngakhalenso nyama, mkaka ndi zikopa zake. Unduna wasiya kaye kupereka ziphaso zonyamulira ziwetozi. Chiweto chanu chikayamba kutuluka dovu lambiri, kutsimphina kapena kuoneka zilonda m'kamwa, kauzeni alangizi a ziweto msanga. Chiletsochi chikhalapo mpaka unduna udzalengeze kuti chatha. Unduna wachita izi potsatira lamulo lothana ndi matenda a ziweto."

Mukaona bwino, Chichewachi n'chotalikirapo kuposa Chingerezi chimene chikanakhala gwero lake, ndipo palibe cholakwika. Ofesi imene imalamula kuti zomasulira zikwane pa malo ofanana ndi Chingerezi pa pepala ndi imene imabala ziganizo zofinyidwa zija. Zizindikiro za matenda nazonso zilowe pokhapokha ngati zili m'kalata kapena a ku unduna avomereza. Womasulira asawonjezere zake ngakhale zitakhala zoona.

Kuyesa kwake kuli pawiri, ndipo kumafuna anthu awiri osiyana. Woyamba akhale munthu amene kalata yachingerezi sanaione ndipo nkhaniyi sakuidziwa: mlonda wa pa geti, mayi wogulitsa mandasi panja pa ofesi. Muwerengereni kamodzi kokha, mokweza, pa liwiro la wailesi. Musamufunse kuti "mwamva?", chifukwa mwaulemu ayankha kuti eya. Mufunseni za moyo: muli ndi mbuzi ku Ngabu, mwana wanu akukwatira ku Blantyre Loweruka, mupita nayo? Nanga mukaipha n'kunyamula nyama yokha? Nanga nkhuku? Akakayika kapena akayankha molakwa, vuto lili m'chiganizo, osati mwa iye. Pamene inu owerenga mwapuma pakati mpweya utakutherani, pamenepo pakufunika mpumiro.

Wachiwiri akhale wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri, makamaka wa ku ofesi imene yatulutsa kalata. Ntchito yake si kufufuza ngati liwu lililonse lachingerezi lapeza mnzake, chifukwa akatero akubwezerani ku "zotsatira za nthawi yomweyo". Atenge pensulo, achonge mfundo imodziimodzi: ziletso zinali zinayi, zilipo zinayi? Deti ndi lomwelo? Dera ndi lomwelo, kapena kalata inatchula dera la mfumu imodzi pamene Chichewa chatseka boma lonse? Chokakamiza chidakali chokakamiza, chololedwa chidakali chololedwa? Akakhutira, asaine pa Chichewacho monga anasainira pa Chingerezi, kuti woulutsa pa wailesi asayambenso kuchikonza yekha ali pa maikolofoni.